Mtengo wokhala ndi msonkho kapena wopanda msonkho: ulembe uti pa katundu?

Kuno ku Joni msonkho wa VAT ndi 15 peresenti, ndipo amene bizinesi yake inalembetsa VAT ku SARS, bungwe la boma lotolera misonkho, ali ndi njira ziwiri zolembera mitengo.

Yoyamba ndi kulemba mtengo umene wogula alipire basi. Tinene kuti thumba la mpunga walemba R230. Mayi wobwera ku shopu yako ku Yeoville akupereka R230 yomweyo, palibe kukangana pa kauntala. Ine ndimakonda njira imeneyi, ndipo lamulo la kuno limaona mtengo uliwonse wolembedwa ndi wolembetsa VAT ngati msonkho uli kale m'kati. Chovuta ndi kupatula gawo la boma. Ambiri amatenga 15 peresenti ya R230, n'kupeza R34.50. Uku n'kulakwitsa, chifukwa msonkho unawerengedwa pa mtengo wopanda msonkho. Kuwerengera kolondola ndi uku:

```
230 × 15 ÷ 115 = 30
```

Msonkho ndi R30, yako ndi R200. Utsimikize powerenga 15 peresenti ya R200: ikubwezera R30. Ukatsatira R34.50 ija, ndiye kuti pa thumba lililonse ukupereka R4.50 yosayenera.

Yachiwiri, kulemba R200 n'kuwonjezera msonkho pambuyo, imakomera ogula a mabizinesi olembetsa VAT, poti iwo amakaitanitsanso msonkhowo ku SARS. Komabe polengeza mtengo uyenera kuonetsanso R230 moonekera mofanana.

Ngati sunalembetse VAT, usawonjezere msonkho uliwonse pa mtengo wako, ndi mlandu.