SMS, WhatsApp kapena alamu: njira iti imasunga chinsinsi cha uthenga wokumbutsa?

Uthenga wokumbutsa munthu tsiku lokatenga mankhwala kapena lobweza ngongole nthawi zambiri umaululika pa foni ya wolandira, isanafike nkhani ya akatswiri obera mauthenga panjira. Kuno kum'mawa kwa Zambia foni imodzi imagwiridwa ndi manja ambiri: mwamuna amabwereka ya mkazi wake mayunitsi akamuthera, ana amaseweretsa, ndipo kumidzi ya ku Katete kapena ku Chadiza komwe kulibe magetsi imaswera pa golosale ikutchajidwa. Njira zitatuzi tiziyese ndi muyeso umenewo.

Titenge chitsanzo cha mayi wogulitsa pa msika wa Kapata ku Chipata, amene amamwa ma ARV ndipo ali ndi ngongole ya K1,500 ku gulu la banki ya m'mudzi.

SMS imafika pa foni iliyonse, ngakhale ya mabatani, popanda bandulo, n'chifukwa chake mlembi wa gulu amaikonda. Koma mwa zitatuzi ndiyo yofooka kwambiri. Mawu ake sabisidwa kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira, choncho amadutsa m'makina a kampani ya foni ali owerengeka, ndipo pa foni ya mabatani aliyense woitola amawawerenga. Vuto lina limene anthu amaiwala ndi lakuti nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imatha kuipereka kwa munthu wina. Mayiyo akataya simu ya MTN n'kugula ya Airtel osauza mlembi, uthenga wonena dzina lake, ndalama zimene akongola ndi tsiku lolipira udzafika kwa mlendo. Wakuba amene wadziwa zinthu zitatuzi akhoza kumulembera ngati mlembi, n'kumuuza kuti atumize ndalamazo pa nambala ina.

WhatsApp imabisa mawu panjira moti ngakhale kampani yake siiwerenga, ndipo pamenepa imaposa SMS kutalitali. Komabe chitetezocho chimathera pomwe uthenga wafikira. Foni ikakhala pa tebulo, mzere woyamba umaonekera pa sikirini ngakhale ili yokiya, pokhapokha mwini atabisa zimenezo mu `Settings`, pa `Notifications`, ngakhale kuti mayina ake amasiyanako malinga ndi mtundu wa foni. `Chat lock`, imene inabwera mu 2023, imaika macheza kuseri kwa chala kapena nambala yachinsinsi, ndipo uthenga ukafika sisonyeza dzina la wotumiza kapena mawu ake. Pa njira zonse, imeneyi ndiyo ndimaona kuti ikuyenera foni yobwerekana, malinga ngati wobwerekayo sadziwa nambala yotsegulira foniyo. `Disappearing messages` imafufuta mauthenga pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, koma siletsa wina kujambula sikirini nthawiyo isanakwane. Mayi amene akukayika kuti wina akuwerenga zake ayang'ane pa `Linked devices`. Akapezapo kompyuta imene sakuidziwa, mauthenga ake akuonekeranso kwina ndipo aichotse pomwepo. Chimene sindivomereza m'pang'ono pomwe ndi mwambo wa alembi ena wolemba mayina ndi ngongole za onse m'gulu la WhatsApp, chifukwa kubisa mawu panjira kulibe phindu pamene anthu makumi awiri akuwawerenga ndipo aliyense angawatumize kwa apongozi.

Alamu ya pa foni sidutsa m'manja mwa wotumiza aliyense, choncho pa nkhani ya mankhwala ndiyo yabwino koposa. Malire ake ndi awiri: dzina limene mwaipatsa limaonekera ikamalira, ndipo foni ikatayika chikumbutsocho chingatayikire limodzi.

Pa njira zonsezi, mawu olembedwa ndiwo amalemera. Mlembi akalemba kuti "Amayi, Lachisanu ndi tsiku lathu lija, tikumane 14 koloko", mayiyo amva zonse, pamene wobwereka foni samva kanthu; chiwerengero cha K1,500 chikhale m'buku la gulu, ndipo akachifuna aimbirane. Alamu ya mankhwala ingolembedwa kuti "madzulo". Wogwira ntchito ya zaumoyo amene amakumbutsa odwala asatchule matenda, mankhwala kapena chipinda cha chipatala, ndipo afunse kaye ngati nambalayo ndi ya wodwalayo yekha komanso ngati akulola kulandira mauthenga, pakuti lamulo la Zambia loteteza zinsinsi za anthu la mu 2021 limaika nkhani za umoyo m'gulu lofunika chisamaliro chapadera.

Mayi wa ku Kapata uja, ngati foni yake ndi yamakono, aike alamu ya mankhwala ndipo za ngongole zipite pa WhatsApp yokiyidwa, iye ndi mlembi okha. Ngati ndi ya mabatani, SMS ya tsiku ndi nthawi yokha ikwanira, ndipo akasintha nambala auze mlembi ndi achipatala sabata lomwelo.