Kuchuna kamera mukasintha galasi lakutsogolo: ya mu ofisina kapena ya pamsewu?

Mwezi wathawu thiraki ya malasha inandithira mwala pa N7 nditangodutsa Moatize, galasi la Hilux yanga linang'aluka mpaka kumwamba. Ndinasinthitsa mu tauni momwemu, anyamata anamata bwinobwino osadontha, koma popita ku Zobue galimoto inayamba kulira piii piii kuti ndatuluka mu mzere pomwe ndili pakati penipeni. Pa dashibodi palibe nyali ina iliyonse yoyaka, nchifukwa chake ambiri amangoti zonse zili bho.

Nkhani yake ili pa kamera ija ili kuseri kwa kalilole wam'kati, yomwe imayang'ana mizere ya msewu ndi zomwe zili kutsogolo. Imakhala pa kachitsulo komatidwa pagalasi lenilenilo, ndiye galasi likachoka nayonso yachoka, ndipo latsopanolo silingakhale ndendende ngati lakale, guluu akhoza kuchindikala mbali imodzi kapena kachitsuloko kupendekeka pang'ono chabe. Tiwerengere limodzi: kamera ikakhota digiri 1 yokha, pa mamita 100 imakhala ikuona mamita 1.7 kumbali, pomwe mpata wa galimoto imodzi pamsewu ndi pafupifupi mamita 3.5. Ndiye kuti theka la mpata wapita! Njinga yamoto ili m'mbali kamera iziyesa ili kutsogolo kwanu nkumanga mabuleki, kapena thiraki yaima kutsogolo iyo nkuchedwa kuiona, ine zimenezi ndi zomwe zinandiopsa kuposa kulira kuja.

Ndiye kamera imafunika kuichuna, kuiphunzitsanso pomwe pali pakati, ndipo njira zochunira zilipo ziwiri. Yanga anachuna galimoto itaima mu ofisina. Mekaniko anayamba wapopa matayala mpweya woyenera, anandiuza nditsitse matumba a simenti anali kumbuyo chifukwa katundu amadzutsa mphuno ya galimoto, kamera nkumayang'ana m'mwamba. Kenako anapachika chingwe cha mwala pa chizindikiro cha Toyota kutsogolo ndi pakati kumbuyo, nkulemba pansi kuti apeze mzere wapakati wa galimoto, nkuimika bolodi la mabokosi akuda ndi oyera pa mtunda ndi msinkhu womwe buku la Toyota likunena, kuyeza ndi tepi mpaka milimita. Analumikiza kompyuta pa pulagi ya OBD pansi pa chiwongolero, kamera nkuphunzira pomwe pali pakati. Zonse zinatenga ola ndi theka, nthawi yambiri inathera poyeza. Vuto la njira iyi ndi loti pansi pakhale fulati zenizeni komanso kuwala kukhale kofanana, dzuwa la Tete likalowa pachitseko nkumenya bolodi kamera imakana. Choopsa kwambiri nchakuti bolodi akaliika molakwika kompyuta ikhoza kulembabe kuti zatheka, moti kamera yaphunzitsidwa bodza. Ofisina ya pansi pa mtengo musayese dala.

Mlamu wanga ali ndi Ford Ranger, yake ndi ya pamsewu. Palibe bolodi, amalumikiza kompyuta nkuyendetsa galimoto pa liwiro loposa makilomita 64 pa ola, pamsewu wowongoka wa mizere yooneka bwino, kamera imadziphunzira yokha kuchokera ku mizereyo, zikayenda bwino mphindi 10 zakwana. Pomva zimaoneka zophweka komanso zotchipa, koma kwathu kuno ndi pomwe pali ntchito. Mkati mwa tauni liwiro limathera pa 60 ndiye muyenera kutuluka kunja, kumeneko mupeza malo ena mizere inafufutika, fumbi lakwirira, kapena mwatsekeredwa kumbuyo kwa thiraki ikukwawa, kompyuta nkungoima osapitirira. Alamu anabwerera tsiku loyamba chimanjamanja, inatheka m'mawa mwake atalawirira magalimoto asanachuluke, galasi atalipukuta bwino.

Ndiye yabwino ndi iti? Kunena zoona sindinu osankha, amasankha ndi amene anapanga galimoto, ndipo zina ngati Subaru za EyeSight zobwera kuchokera ku Japan, za makamera awiri zija, zimafuna zonse ziwiri, bolodi kaye kenako msewu. Mekaniko akakuuzani kuti "bwana ingoyendani izidzichuna yokha" pomwe buku likufuna bolodi, ameneyo alibe zida basi. Kwa ine, pa misewu yathuyi ya mu ofisina ndimaikhulupirira kwambiri chifukwa zonse munthu ukhoza kuziona ndi maso, tepi ndi bolodi zili pomwepo, ngakhale imadya metikali zambiri ndipo ofisina zokhala ndi zidazi ndi zochepa.

Musanalipire galasi funsani ngati ndi lopangidwira kamera, magalasi ena otchipa amapotoza chithunzi pomwe kamera imasuzumira ndipo kuchuna kumalephera ngakhale abwereze kangati. Akamaliza akuonetseni pa kompyuta kuti yamalizadi, mujambule ndi foni. Ine nditatuluka ndinabwerera pamalo omwe inkalira paja, ndinayenda pa 70 pakati pa mizere, zii, nditasendera dala ku mzere wakumanzere ndi pomwe inalira.