Mphatso ya tsiku lililonse kapena bokosi lamwayi: choipa kwambiri n'chiti?

Ana ambiri kuno ku Mchinji amasewera magemu pafoni za makolo, ndipo magemuwa amawakoka m'njira ziwiri.

Mphatso ya tsiku lililonse imaonekeratu: lero tindalama tochepa tam'gemu, tsiku lachisanu ndi chiwiri mphoto yaikulu. M'magemu ena ukadumpha tsiku umayambiranso, n'chifukwa chake mwana amalirira bandulo ngakhale sakufuna kusewera. Komabe kholo likhoza kuikapo malire.

Bokosi lamwayi ndiye limandidetsa nkhawa kwambiri. Mwana sadziwa chimene chitulukemo, akalephera amati mwina lotsatira, mpaka kupempha ndalama kuti atsegule lina. Ameneyu ndi juga, ndipo dziko la Belgium linaona choncho mu 2018 pa mabokosi ogula ndi ndalama. Mwana akamabisa zimene wawononga, zafika poipa.