Benzoyilo perokisaidi: ziphuphu zachepa, koma thaulo la alamu linapita

Ndagwiritsa ntchito mankhwalawa miyezi inayi, ndipo ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ziphuphu zanga zinali zofiira, zamafinya, pachibwano ndi m'masaya. Kwathu ndi ku Chitakale, ku Mulanje, koma kachubu koyamba ndinagula ku famase ina ku Limbe.

Anali ndi a 5 peresenti ndi a 10 peresenti. Ine ndi phuma langa ndinati amphamvuwo ndiye athana nazo msanga, ndinatenga a 10, n'kumapaka m'mawa ndi madzulo. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chili m'kati, khungu louma kale. Tsiku lachinayi nkhope inkawotcha ngati ndapaka tsabola, m'mbali mwa mphuno munasupuka, kuseka kokha kumapweteka. Pomwe panapsa panatsala mabanga akuda amene anatenga nthawi kuposa ziphuphuzo. Ife akhungu lakuda timabanga msanga khungu likakwiya, ndiye apa mpofunika kusamala.

Nditabwererako, mayi ogulitsawo anangoti, "Chemwali, mwayambira pamwamba bwanji?" Anandifotokozera kuti mankhwalawa amapha tizilombo tokhala m'timabowo ta pakhungu potulutsa mpweya wa okosijeni, ndipo a 2.5 peresenti amapha pafupifupi chimodzimodzi ndi a 10. Chimene chimakwera ndi nambalayo kwenikweni ndi kuwotcha ndi kuumitsa. A 2.5 analibe, ndinatenga a 5. Inu mukawapeza a 2.5 yambirani pamenepo.

Ndinadikira sabata yathunthu kuti nkhope ipole, kenaka ndinayambanso mwakachetechete. Madzulo ndimasamba ndi sopo wosanunkhira, ndipukute, ndidikire mphindi 15 mpaka paume gwa, chifukwa pakhungu lonyowa amaluma kwambiri. Ndimafinya kakang'ono ngati njere ya nandolo, kameneko kamakwana nkhope yonse. Ndimapaka mopyapyala dera lonse lomwe ziphuphu zimakonda kutulukira, osati kudontheza pa chiphuphu chimodzichimodzi, popeza ntchito yake yaikulu ndi kuletsa zomwe zisanatuluke. Pafupi ndi maso, milomo ndi m'makona a mphuno sindifikako.

Masabata awiri oyamba ndinkapaka tsiku limodzi, lina kupumira, ndipo pakatha ola ndinkasukusula. Sabata yachitatu ndinayamba kugona nawo, kudumphitsabe tsiku. Usiku uliwonse ndinayamba sabata yachisanu. Kutuwa pang'ono kunalipo, ndinkangodzola mafuta opepuka, ndipo ndikamva kuwotcha ndinkapumira masiku awiri. Kutuwa n'kwachizolowezi, koma nkhope ikatupa, ikachita matuza kapena kuyabwa koopsa, ndiye kuti thupi lawakana. Siyani, pitani kuchipatala.

Sabata zitatu zoyamba sindinaone kanthu, ndinatsala pang'ono kutaya kachubuko. Kusintha kunaoneka cha m'sabata yachisanu ndi chimodzi: zatsopano zinkatuluka ziwiri kapena zitatu, n'kuuma msanga. Mabanga akale sanawachotse. Ndipo kwa anzanga amene anandifunsa monong'ona, ayi, sayeretsa khungu. Amasulutsa nsalu ndi tsitsi, osati munthu.

Nsaluzo ndiye zandichotsetsa nyenyezi imodzi. Alamu anga ali ndi thaulo labuluu limene analandira pa ukwati. Tsiku lina nditapaka ndinangotsuka m'manja ndi madzi okha, n'kupukutira pamenepo. Panthawiyo sipanaoneke kanthu. M'mawa mwake tinapeza zala zanga zajambulika, zaolenji, ngati wina wathirapo jiki. Alamu anangoti, "Amlamu, manjawa ndi anu eti?" Ndinachapa kawiri, osatheka, chifukwa si litsiro ayi, utoto weniweniwo ndiwo wadyeka. Pilokesi yanga yobiriwira inatsatira, kenaka khosi la bulauzi, pomwe thukuta linatsikira kuchokera kuchibwano.

Pano ndili ndi kathaulo koyera kangakanga ndi mapilokesi awiri oyera, pakuti choyera chilibe utoto woti usuluke. Ndikapaka ndimasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zikhadabo, ndimadikira kuti aume ndisanagone, ndipo chovala chogonera ndimavala ndisanapake, chakale chimene sindingachilire. M'mawa ndimasukusula bwino ndisanavale zakuntchito. Zoyerazo ndimachapa pazokha, osaziviika beseni limodzi ndi zitenje. Tsitsi la m'mphepete ndimalimanga ndi duku lakale.

Kachubuka musakasiye pawindo kapena m'galimoto, kutentha kumawononga mankhwalawa. Ine ndimasunga m'kabati. Dzuwa nalonso limaluma kwambiri ukamapaka, ndiye ndikamapita ku msika wa Limbuli chipewa sindisiya. Chubu chachiwiri chatsala pang'ono, ndipo ndikagulanso a 5 omwewo. Thaulo la alamu ndinabweza lina, loyera.