Kapula yolimba, ya sipuling'i kapena Oldham: iti imachotsa mizere ya Z?

Musanagule kapula ina iliyonse, kachitsulo kolumikiza mota ndi ndodo yokweza ndi kutsitsa mutu wa pulinta ya 3D pa mbali ya Z, yezani mtunda wa pakati pa mizere yotuwira kunja pa khoma la chinthu chomwe mwasindikiza. Ndodo ya mazinga ya T8 yomwe ili pa mapulinta ambiri a 3D imakweza nati mamilimita 8 ikazungulira kamodzi, choncho mizere ikamabwera pa mamilimita 8 aliwonse, ndiye kuti ndodo ndi yopindika kapena yakhala mopendama pa shafiti ya mota. Ichotseni, muigubuduze pa galasi. Yopindika imayenda modumphadumpha, ndipo kuwala kumaoneka pansi pake.

Kapula yosamangika bwino imaonetsa zina. Mizere yake ilibe mtunda wokhazikika, ndipo kabokosi koyesera ka mamilimita 20 kamatuluka kofupika chifukwa shafiti imaterereka mkati. Jambulani mzere umodzi ndi cholembera kuchokera pa shafiti, kudutsa pa kapula, mpaka pa ndodo. Mzerewo ukasemphana mutasindikiza, mangani timasikuluwu, ndipo kamodzi kalume mbali yafulati ya shafiti. Apa simufunika kugula kanthu.

Kusankha kumavuta ndodo ikakhala yopindika pang'ono. Kapula yolimba, yolumikiza shafiti ya mamilimita 5 ndi ndodo ya mamilimita 8, sitambasuka konse, motero kutalika kwa mzere uliwonse wa pulasitiki kumakhala kolondola, koma kupendama kulikonse imakupereka kwa nati yoyenda pa ndodoyo, ndipo nati imakankhira mutu wa pulinta uku ndi uku. Kapula ya sipuling'i, ija yochekedwa mozungulira, imameza kupendamako, n'chifukwa chake ambiri amaithamangira. Ine sindiikhulupirira kwenikweni, chifukwa imafinyika ndi kutambasuka m'litali: mutu ukamakwera ndi kutsika kawirikawiri, mizere ina imaphwanyika pamene ina ikutalikirana. Komanso mukalowetsa shafiti ndi ndodo mpaka kugundana pakati pake, kufewa kwake konse kwatha.

Oldham yoikidwa pa nati imagwira vuto pamalo ena. Tizigawo take timatsetsereka cham'mbali, kotero ndodo ikamagwedezeka, mutu umangolandira kukwera kokha, ndipo njanji ndi zimene zimauwongolera. Pa pulinta ina yomwe ndinakonza, mizere ya mamilimita 8 inatsalabe nditaika ya sipuling'i, koma inachepa kwambiri nditabwezera yolimba n'kuwonjezera Oldham. Oldham imatenga mamilimita angapo a kutalika kwa Z, ndipo njanji kapena mawilo akakhala olobodoka siithandiza.

Beringi yogwira nsonga ya pamwamba musaiike pa ndodo yopindika, pakuti ikamangidwa kumwamba ndi pansi, kugwedezeka konse kumathera pa nati. Ndodo yomwe ikudumpha moonekeratu pa galasi ingosinthani, ndipo yatsopanoyo ikhale yokweza mamilimita ofanana ndi yakale, apo ayi musinthenso chiwerengero cha masitepe a mota ya Z ndi lamulo la `M92`.