Kiriyatini ndinamwa mpaka kutha chigubu, koma amene anandikweza pa sikelo ndi nsinjiro

Ndaupatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ufa wa kiriyatiniwu, umene onyamula zitsulo amamwa kuti awonjezere mphamvu, si wabodza, umagwira ntchito yake, kungoti ntchito yakeyo si imene ine ndinaugulira, yoti ndinenepe.

Ndili ndi zaka 21, kutalika mamita 1.78, ndipo tsiku limene ndinkagula ndinali ndi makilogalamu 54. Amene amadziwa kuwerengera anandiuza kuti pa msinkhu umenewu ndiye kuti nambala yanga ya kulemera ndi 17, pomwe munthu akatsika pa 18.5 amatengedwa kuti ndi wowonda kupyola muyezo. Ine sindinkafunanso nambala kuti ndidziwe zimenezo. Lamba ndinachita kuboola ndekha ndi msomali mabowo awiri owonjezera, ndipo anzanga kuntchito ankanditchula kuti Udzudzu. Ndimagwira ntchito m'sitolo ina ya zipangizo zomangira pa Dedza boma, ndimapalasa njinga kuchokera kunyumba m'mawa ndi madzulo, ndipo masana ndimakhalira kukweza ndi kutsitsa matumba a simenti.

Chigubu chake ndinachita kutuma mnzanga amene ankapita ku Lilongwe. Chinali cha magalamu 300, ufa woyera wopanda fungo, m'kati muli kasupuni kake ka magalamu 5. Mukamafufuza pa foni lembani creatine monohydrate, ndiwo mtundu umene unayesedwa kwambiri komanso wotsikirapo mtengo. Ena aja a mayina aatali ndi zigubu zowala mungowasiya. M'madzi ozizira a kuno ku Dedza susungunuka msanga, umakhala pansi pa kapu ngati mchenga wa kudambo ndipo umamveka m'mano. M'madzi ofunda kapena mu tiyi wapolako umasungunuka bwino.

Tsiku loyamba ndinalakwitsa ndekha. Pa chigubupo analemba kuti masiku asanu oyambirira munthu atha kumwa magalamu 20 patsiku, kenako n'kutsikira pa 5. Ine sindinawerenge bwino kuti magalamu 20 amenewo amagawidwa kanayi. Ndinathira masupuni anayi onse m'kapu imodzi n'kugugudiza m'mimba mulibe kanthu. Ndisananene zambiri, tsiku limenelo abwana anandifunsa ngati ndasamukira kuchimbudzi. Nditayamba kugawa, m'mawa, masana, madzulo ndi pogona, m'mimba munakhala bata. Pano ndikudziwa kuti chiyambi chothamanga chimenechi si chokakamiza. Mukamamwa magalamu 3 mpaka 5 tsiku lililonse, minofu imadzazabe pakatha masabata atatu kapena anayi, ndipo chigubu cha magalamu 300 chimakufikitsani masiku 60. Changa chinatha pa masiku 45 chifukwa cha phuma.

Ndiye kunabwera chisangalalo. Ndimadziyeza pa sikelo ya mavenda ogula mbatatesi, ija yopachika pa mtengo, ndimagwira mbedza n'kupinda miyendo iwo akuseka. Patatha masiku khumi inawerenga 55.5. Kilogalamu imodzi ndi theka m'masiku khumi! Ndinawerengera mumtima kuti pofika Khirisimasi ndidzakhala nditadutsa 65. Sabata yachitatu 55.5. Yachinayi 55.5. Yachisanu ndinakangana ndi mwini sikelo kuti waipotokola.

Chimene chinachitika n'chakuti kiriyatini akalowa m'minofu amakoka madzi n'kuwasunga m'menemo. Kilogalamu imodzi kapena ziwiri zoyambirira zija ndi madzi, si mnofu watsopano ayi, ndipo minofu ikadzaza, basi, sikelo imaima. Mu ufamo mulibe chakudya choti chimange thupi. Ntchito yake ndi ina: amathandiza minofu kubwezeretsa mphamvu msanga pa ntchito yolemetsa ya masekondi ochepa. Apa pokha ndiuyamikire. Kuseri kwa nyumba tili ndi chitsulo chathu cha zitini ziwiri za penti zodzaza simenti. Poyamba ndinkachikankha kasanu ndi katatu manja n'kuyamba kunjenjemera, koma pofika sabata yachinayi ndinkafika kakhumi, tsiku labwino kakhumi ndi kamodzi. Zina mwa izo zinabwera chifukwa chozolowera, komabe kusintha ndinakumva. Vuto ndi lakuti ukankhe chitsulo kangati, thupi silingamange khoma popanda njerwa.

Amene ananditsegula maso ndi alamu anga, akazi a achimwene, omwe ndi alangizi a zaumoyo. Anapeza chigubu pa windo n'kuchitembenuza uku ndi uku.

“Alamu, ichi mwagula ndalama zingati?”

Nditawauza anangoti, “Mhm. Nanga dzulo munadya chiyani?”

Ndinayankha monyada kuti ine ndimadya kwambiri, thupi langa ndi limene lili lokana. Anandipatsa tsamba la m'kope kuti ndilembe chilichonse cholowa m'kamwa kwa masiku atatu, osabisa, osawonjezera. Anthu owonda tonse timalumbira kuti timadya kwambiri, chifukwa timakumbukira tsiku la ukwati lija tinadya mbale ziwiri, n'kuiwala masiku onse amene tinadumpha kadzutsa. Pepala langa linandichititsa manyazi. M'mawa tiyi wopanda mkaka ndi mandasi amodzi, tsiku lina osadya n'komwe chifukwa chochedwa. Masana tchipisi cha pachiwaya chapakatikati ndi kabichi pang'ono. Madzulo mitanda iwiri ya nsima ndi mpiru wa tomato, tsiku limodzi lokha ndi limene panali usipa. Alamu atawerengera mongoyerekeza anati sindinkafika ngakhale makalori 2,000, muyezo wa mphamvu ya m'chakudya, pomwe mnyamata wopalasa njinga m'zitunda za kuno ndi kunyamula simenti amatentha oposa 2,500. Anati chodabwitsa si chakuti sindinenepa, koma kuti ndikuimabe.

Asanandiuze za chakudya anandifunsa mafunso amene aliyense wowonda ayenera kudzifunsa asanataye ndalama pa ufa. Kodi ndakhala wowonda chibadwire kapena ndayamba kutsika posachedwa? Ndikutsokomola kwa masabata awiri kapena kuposa? Ndikutuluka thukuta usiku? Ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi? Kutsegula m'mimba kosasiya? Chifuwa chachikulu, shuga, njoka za m'mimba ndi kachilombo ka HIV zonse zimawondetsa, ndipo palibe ufa wa m'chigubu umene ungathetse zimenezo. Ndinapita kukayezetsa, zonse zinali bwino, anangondipatsa mankhwala a njoka. Anandichenjezanso kuti munthu wa vuto la impso asayambe kiriyatini asanaonane ndi dokotala, ndiponso kuti ukamayezetsa magazi uziwauza kuti ukumwa, chifukwa amatha kukweza nambala ija amayezera impso ngakhale impso zili bwinobwino.

Lamulo lawo linali limodzi: ndiziwonjezera makalori 300 mpaka 500 patsiku pamwamba pa zimene thupi likutentha, tsiku lililonse, osati Lamulungu lokha. Kwa ine, amene ndinali kale m'ngongole, zinatanthauza kuwonjezera pafupifupi chakudya chathunthu chimodzi ndi zotolatola. Ndinkaganiza kuti andiuza za nyama ndi mkaka wa m'sitolo, koma anayambira pa mtedza. Magalamu 100 a mtedza, kapena kuti manja atatu odzaza bwino, ali ndi makalori oposa 550 ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 25. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Dzira limodzi lili ndi makalori ngati 70 ndi mapuloteni magalamu 6. Munthu wa m'mimba mwaing'ono ngati ine sangathe mitanda isanu ya nsima, koma supuni ya mafuta m'phala saimva n'komwe.

Tsiku langa linasintha motere. Ndimadzuka mphindi makumi awiri msanga kuti ndiphike phala la mgaiwa, ndithiremo masupuni atatu a nsinjiro, supuni ya mafuta ndi shuga. M'thumba la ovolosi mumakhala kajumbo ka mtedza wokazinga, ndimatafuna cha m'ma 10 koloko ndi cha m'ma 3. Masana tchipisi chija ndinachiwonjezera mazira awiri, kapena ndimadya nsima ya nyemba. Madzulo mitanda itatu, ndiwo zotendera, ndipo masiku ambiri pamakhala soya pisesi, usipa kapena nyemba. Nyengo ya mapeyala ndimadya limodzi patsiku. Thobwa ndimamwa nditatha kudya, chifukwa ndikayamba ndi iye nsima imandikanika. Alamu anati pa kulemera kwanga ndizifuna mapuloteni pafupifupi magalamu 90 patsiku ngati ndikunyamula zitsulo, ndipo ndi mtedza, mazira, soya ndi usipa ndimafikako osagula nyama.

Masabata awiri oyamba anali ovuta kuposa kunyamula simenti. Kudya usakumva njala ndi ntchito. Mtanda wachitatu ndinkauyang'ana ngati mdani, amayi n'kumati, “Iwe, nsima sayang'ana, amadya.” Kenako m'mimba munazolowera, moti pano ikakwana 10 koloko njala imandipeza yokha.

Ndinasinthanso kayezedwe. Ndimayeza Loweruka lokha, m'mawa, zovala zomwezo, sikelo yomweyo. Kuyeza tsiku ndi tsiku kumangokupweteketsa mutu, chifukwa madzi ndi chakudya cha m'mimba zimasuntha sikelo ndi kilogalamu yathunthu. Zimene ndinkayembekezera ndi kotala mpaka theka la kilogalamu pa sabata. Zikaima masabata awiri otsatizana, ndimawonjezera dzanja lina la mtedza.

Chigubu chinatha ndili pa sabata yachiwiri ya kadyedwe katsopanoka, ndipo ndalama yogulira china ndinalibe. Apa ndi pamene ndinaona bwino chimene chinali cha ufa ndi chimene chinali cha mbale. Kwa mwezi wathunthu sikelo inkangozungulira pa 56, chifukwa madzi aja ankachoka pang'onopang'ono uku thupi lenileni likubwera. Ndikanapanda kuuzidwa ndikanati chakudya sichikugwira ntchito, ndithamangire chigubu china. Mweziwo utadutsa inayamba kukwera mosabwerera. Tsopano patha miyezi inayi chiyambireni phala la nsinjiro, ndili pa 59, ndipo kiriyatini sindinamwenso. Lamba ndabwerera pa bowo la kufakitale. Chitsulo chija tinachiwonjezera simenti.

Ubwino wa ufawu ndi woti ulibe kakomedwe konyansa, sufuna firiji, ndipo utagawidwa bwino sunandivutitsenso m'mimba. Chodandaula changa chili pa chithunzi cha pachigubu, chimunthu cha minofu ngati ng'ombe ya pangolo, popanda ndi mzere umodzi womwe wonena kuti wowonda ayambe wadya. Thupi lathu limapanga lokha kiriyatini pafupifupi galamu imodzi patsiku, wina timamupeza mu nyama ndi nsomba, choncho kwa ife amene nyama timaiona mwa apo ndi apo ufawu umatha kuonetsa mphamvu yake bwino. Ndikadzafika 63 kapena 64, kudya kutakhazikika, ndalama yapadera ilipo, ndidzagulanso, ndipo ndidzamwa kasupuni kamodzi patsiku popanda chiyambi chothamanga chija. Ndalama imene ndinapereka ulendo uno ikanandigulira mathireyi angapo a mazira ndi ndowa ya mtedza.

Chigubucho amayi anachitsuka, pano akusungiramo nsinjiro. Chivundikiro chake n'cholimba, nyerere sizilowa.