Linyetsu: Mankhwala Opaka Kapena a Ufa?

Mzuzu ndi mzinda wa mvula ndi chinyezi, ndipo anthu amene amatandala atavala majombo kapena nsapato zotseka amadwala linyetsu kawirikawiri: khungu la pakati pa zala zakuphazi limayera, kusupuka ndi kung'ambika, makamaka pafupi ndi kachala kakang'ono. Chimayambitsa ndi nkhungu yokonda malo onyowa ndi otentha.

Kufamase mupeza mankhwala opaka, monga kulotirimazo kapena mikonazo, komanso a ufa owaza. Opaka ndiwo amachiza, chifukwa amakhalitsa pakhungu ndi kupha nkhunguyo, koma amafuna khama: kawiri pa tsiku, pa phazi lotsukidwa ndi kupukutidwa bwino, kwa milungu pafupifupi 4. Kuyabwa kukaleka ambiri amasiya, n'chifukwa chake linyetsu limabwerera. A ufa amayamwa thukuta, ndipo kuwaza m'masokosi sikuvuta, koma paokha mphamvu yawo ndi yochepa pa khungu long'ambika kale. Akachuluka amaundana ngati phala pakati pa zala.

Mlonda amene wachezera usiku wonse m'majombo, zala zitang'ambika, ayambe ndi opaka. A ufa amuyenera akachira, kapena munthu wa thukuta lambiri amene akungodziteteza. Zonsezi zimagwa m'madzi ngati m'mawa avalanso jombo yonyowa, choncho azisinthanitsa mapeyala awiri ndi kusintha masokosi tsiku lililonse. Phazi likatupa, likatuluka mafinya, kapena ngati munthuyo ali ndi shuga, apite kuchipatala msanga.